Kodi thirayipodi ndigule, kapena ndingotaya ndalama?

Tadala: Moni nonse. Ndikufuna chithunzi cha nsanja ya chikumbutso cha asilikali a KAR ku Zomba ija, yopanda munthu ngakhale mmodzi, choti ndiike pa kalendala. Loweruka ndinaima tsidya la msewu, kamera ili m'manja, n'kujambula zithunzi 6 mondondozana. Nditaziphatikiza pa kompyuta ndi Median kuti anthu odutsa achoke, atsala ngati mizukwa, ndipo m'mphepete mwa nsanja mukuoneka pawiripawiri. Ndigule thirayipodi? Ndalama yake ndi yomwe ndimafuna kugulira batire lachiwiri.

Chiko: Usagule mwene. Photoshop imalunzanitsa yokha zithunzizo. Pa File > Scripts > Statistics usankhe Median, uchonge Attempt to Automatically Align Source Images, basi. Ine sindinanyamulepo miyendo itatu ija.

Bambo Mbewe: Tadala, zithunzi 6 zimenezo munazijambula m'nthawi yaitali bwanji?

Tadala: Mwina masekondi 3, bambo. Ndinangopanikiza batani osachotsa chala.

Bambo Mbewe: Ndiye muli ndi mavuto awiri, ndipo thirayipodi ithetsa limodzi lokha. Tiyambe ndi mizukwayo. Kompyuta imatenga kadontho kamodzi, tinene ka njerwa ya nsanjayo, n'kuona kuwala kwake pa chithunzi chilichonse. Pa zithunzi 7 ingapeze 120, 118, 35, 121, 40, 119, 120. Pa 35 ndi 40 panadutsa munthu wa malaya akuda. Imandandalika manambalawo kuyambira laling'ono n'kutenga lapakati, lomwe ndi 119, njerwa yeniyeni. Mukanasankha Mean ikanawonkhetsa n'kugawa, n'kupeza 96, ndiye munthu uja asiya mthunzi wake. Koma lapakatilo limakhala njerwa pokhapokha ngati njerwayo yaoneka pa zithunzi zoposa theka. M'masekondi 3, amayi osenza dengu angoponya mapazi pang'ono, akadali pomwepo pa zithunzi zambiri. Jambulani 20, chimodzi masekondi 15 aliwonse. Ndi mphindi 5 zokha.

Chiko: Mwaona, vuto si thirayipodi.

Bambo Mbewe: Dikira kaye Chiko. Ndani angagwire kamera mphindi 5 osasuntha? Kupendeka pang'ono pulogalamu imakonza, pamenepo ukunena zoona. Koma ukasuntha phazi kapena kuweramira mbali, chitsulo cha pafupi chimasuntha kwambiri kuposa nsanja yomwe ili patali. Ikalunzanitsa nsanja, chitsulo chimatuluka pawiri. Kuwirikiza kwa m'mphepete kuja ndi chizindikiro choti kamera inasuntha, osati anthu.

Nachisale: Si zija mumaika galasi lakuda kutsogolo kwa lenzi n'kutsegula shata nthawi yaitali? Ndinaona wina akuchita choncho ku Williams Falls.

Bambo Mbewe: Imeneyo ndi njira ina, mayi, ndipo imeneyo popanda thirayipodi siitheka n'komwe. Imafanana ndi Mean, wovala zoyera amasiya mzere.

Yamikani: Ine ndinagula yotchipa ya pulasitiki ndipo inandikhumudwitsa. Ku Emperor's View mphepo inkaigwedeza, mpaka ndinamangirira chikwama pakati kuti ilemere. Komanso nkhungu inkabwera n'kupita, ndiye zithunzi zina zowala, zina zakuda, chotuluka chake chinali mawangamawanga. Ukagula, Tadala, uitambasule miyendo yonse pa shopu pomwepo, uigogode ndi chala uone ngati ikunjenjemera.

Bambo Mbewe: Za kuwalazo n'zofunika. Ikani kamera pa M, ISO, shata ndi White Balance zisasinthe, ndipo mukalunjika pa nsanja muzimitse AF kuti kamera isamalunjikenso yokha. Mtambo ukaphimba dzuwa, dikirani, kapena muchotse zithunzi zimenezo musanaphatikize.

Tadala: Nanga akabaza amene amaima podikira anthu? Mmodzi anakhala pamenepo nthawi yonse imene ndinalipo.

Bambo Mbewe: Ameneyo kompyuta imamuyesa mbali ya nsanja, atuluka bwinobwino ndi njinga yake. Kuphatikiza ndi Median sikungamuchotse. Mumupemphe mwaulemu asunthe kaye, kapena mudikire apeze kasitomala, mujambule chimodzi, ndiye mbali imeneyo mudzaiike ndi manja pamwamba pa chophatikizacho.

Chiko: Ndiye thirayipodi kugula, Photoshop kulipira mwezi ndi mwezi m'madola. Kalendala imodzi ibweza zimenezo?

Yamikani: Photoshop siyofunika. Hugin ndi ImageMagick ndi zaulere:

```
align_image_stack -a al_ -C *.jpg
magick al_*.tif -evaluate-sequence median nsanja.tif
```

Mzere woyamba ukulunzanitsa, wachiwiri ukuphatikiza. Pa laputopu yakale zithunzi 20 zimachedwa, uyambe wazichepetsa poyeserera.

Chiko: Ine ndikuti aike kamera pa kathumba ka nyemba pamwamba pa khoma, azidina ndi tayima ya masekondi 2. Sizisiyana.

Bambo Mbewe: Ngati khomalo lili pamene chithunzi chikukomera, sizisiyanadi. Ine zanga zambiri ndimazipeza pamalo poti palibe potsamiritsa.

Tadala: Pamene ndinaima paja palibe khoma. A Yamikani, mungandibwereke yanuyo Lamlungu m'mawa? Ndiyese 20 pa thirayipodi ndi 20 m'manja nditaima chilili, ndione ngati kusiyana kwake kukuposa batire.

Yamikani: Udzatenge. Mwendo umodzi umatsetsereka, ubweretse selotepi.