Antchito asanu, masiku 7: ndandanda ikukana kugwirizana

Mayi wa Lesitilanti: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi antchito asanu, ophika awiri ndi operekera zakudya atatu. Timafika 7 koloko m'mawa kudzakonzekera, timatsegula 8 koloko, timatseka 8 koloko usiku, ndipo pofika 9 koloko timakhala tamaliza kukolopa. Timagwira masiku onse 7. Ndikalemba ndandanda, wina amasowa tsiku lopuma kapena amatseka usiku nkudzatsegulanso m'mawa. Ntchito zotsuka nazo aliyense amangoloza mnzake.

Kapitawo: Mayi, musanalembe dzina la munthu, yambani mwawerenga maola. Kuyambira 7 m'mawa mpaka 9 usiku ndi maola 14. Nthawi yonseyo pamafunika anthu awiri, wina kukhitchini wina kumatebulo, ndiye maola 28. Onjezani munthu wachitatu maola 6 pa nthawi ya nkhomaliro ndi chakudya chamadzulo, akwana 34 patsiku, 238 pasabata. Ngati malire anu ndi maola 48 pamunthu, anthu asanu amakupatsani 240. Kukutsala maola awiri okha, ndiye mmodzi akangodwala zonse zasokonekera.

Koma vuto lenileni lili kukhitchini. Moto ukufuna wophika maola 98 pasabata, pamene ophika awiri ali ndi 96. Ngakhale mutaisinthasintha bwanji, siingakwane.

Mnyamata wa Pakauntala: Bwanji aliyense angopuma tsiku lakelake, wina Lolemba, wina Lachiwiri, mpaka Lachisanu? Kwathu timatero ndipo zimayenda.

Kapitawo: Kwa operekera zimenezo zimatheka, achimwene, chifukwa mmodzi akapuma otsala awiri amagawana tsikulo. Nanga wophika akapuma? Mnzake ayima pamoto maola 14 yekha, ndipo zizichitika kawiri sabata iliyonse. Njira zilipo ziwiri: kuphunzitsa woperekera mmodzi kuphika zosavuta, kapena kutseka tsiku limene malonda amakhala ochepa. Ine ndingatseke. Mukagwira masiku 6, wophika woyamba alowe 7 koloko nkuweruka 2:30 masana, wachiwiri alowe 1:30 nkuweruka 9 usiku. Aliyense akhala ndi maola 45, ndipo ola limene akumanalo ndi lopatsirana ntchito. Operekera awiri atsate maola omwewo. Wachitatu agwire 11 mpaka 3 koloko, abwererenso 5 koloko mpaka 9. Am'mawa ndi amadzulo azisinthana pambuyo pa tsiku lotsekalo basi, kuti pasapezeke woweruka 9 usiku nkudzalawirira 7 koloko.

Mayi Ophika: Shifiti yodukizayo anthu amadana nayo, bambo. Maola awiri apakatiwo munthu wokhala kutali sangapite kunyumba, amangokhala panja osalipidwa. Izizungulira, aliyense sabata imodzi mwa masabata atatu, apo ayi amene mwamukhazikapo sachedwa kusiya ntchito.

Za kulozana zala, mndandanda wa ntchito musalembe mayina. Lembani malo anayi: wotsegula khitchini, wotseka khitchini, wotsegula kumatebulo, wotseka kumatebulo. Pepala lililonse likhale ndi ntchito zosapitirira 10, ndipo iliyonse ikhale yooneka ndi maso. "Kusamalira firiji" si ntchito. Lembani kuti "werenga kuzizira kwa firiji, lemba nambala, isapitirire madigiri 5", "nyama yaiwisi ikhale pansi, zophika kale pamwamba", "zakale zibwere kutsogolo, chilichonse chikhale ndi deti", "tseka gasi pasilinda". Pambali pakhale malo olemba nthawi ndi kusayina. Amene akulowa ndiye ayendere pepala la amene watuluka, chifukwa ndiye amavutika zinyalala zikagona m'khitchini.

Ntchito zikuluzikulu, monga kutsuka mashelefu a firiji, kupala mafuta kuseri kwa chitofu ndi kuwerenga katundu wa m'sitolo, muzigawe imodzi patsiku. Zichitike cha m'ma 3 koloko kukakhala zii. Mukaziunjika tsiku limodzi sizichitika.

Mnyamata wa Pakauntala: Mapepala amenewo anthu amangochonga onse pakamodzi akamaweruka.

Mayi Ophika: Zimadziwika msanga. Firiji ikamalembedwa 4 tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, sabata yathunthu, palibe amene akuiwerenga, chifukwa pambuyo pa nkhomaliro nambala imakwerako pang'ono ndi kutsegulatsegula chitseko. Mwini wake asankhe ntchito ziwiri patsiku, akaone yekha, osanena kuti aona ziti.

Mayi wa Lesitilanti: Zikomo nonse. Zoti vuto ndi ophika ndamva. Kutseka tsiku lathunthu ndiye kukundiopsa, lendi siipuma. Nditatenga waganyu wophika masiku awiri pasabata?

Kapitawo: Zingatheke, koma mashifiti ofunika waganyuyo ndi awiri a maola 7 ndi theka, ndipo operekera ayenera kupuma masiku osiyana, tsiku lopuma mmodzi lisakhale lodzaza anthu. Tengani kaundula wa malonda a masabata 8 apitawa, muone tsiku lofookalo limatsala ndi zingati mukachotsa zogula, gasi, magetsi ndi malipiro a waganyuyo.

Mayi Ophika: Ine waganyu pamoto sindimukhulupirira, kakomedwe ka chakudya kamasintha ndipo makasitomala amazindikira. Ndi bwino kuphunzitsa wanu yemwe. Kaya musankha ziti, ndandanda ikhomedwe pakhoma pofika Lachinayi, ndipo ofuna kusinthana alembe papepala lomwelo inu musayine.