Mutu wa malemu ukukana kukhala pa suti

Chikondi, Kasungu boma: Akuluakulu ndithandizeni, nthawi yandithera. Banja lina likuvundukula chiliza cha bambo awo Loweruka, likufuna chithunzi choika pa malaya. Cha suti chilipo, cha paukwati wa mwana wawo, koma anatsinzina. Andipatsa zina zitatu: selefi akuseka, cha pachiphaso cha unzika, ndi china ali kumunda. Ndatenga mutu wa selefi n'kuuika pa chithunzi cha suti mu Photoshop poti ndiye wowala bwino, koma ukuchita kuonekeratu kuti ndi womata.

A Phiri, Santhe: Musayambe ndi kuwala, yambani ndi makutu. Pa suti paja akuoneka angati?

Chikondi: Limodzi, lakumanja. Anapotolokera pang'ono kwa mkwatibwi.

A Phiri: Ndiye cha pachiphaso chagwa kale, pamenepo munthu amayang'ana kamera ndipo makutu onse awiri amaoneka. Selefi nayonso ayi. Foni imakhala pafupi ndi nkhope, mphuno imakula, makutu n'kubisala. Akaigwirira m'munsi mumaonanso mabowo a mphuno ndi kunsi kwa chibwano, pomwe wojambula paukwati anaima patali. Ctrl+T imawongola mutu wopendekera paphewa basi, siitembenuza munthu.

Madalitso: Liquify imatha zonsezo, mdala. Kankhani tsaya, chepetsani mphuno, zatha.

Mayi Nabanda, Kamwendo: Zithunzizo anakutumizirani pa WhatsApp? Auzeni atumize ngati Document, apo ayi zimaphwanyika.

Chikondi: Si za kuphwanyika mayi, vuto ndi kakhalidwe ka mutu. Cha kumunda khutu ndi limodzi, koma lakumanzere.

Madalitso: Flip Horizontal, kenako Liquify.

Mayi Nabanda: Iii, chenjerani nayo imeneyo! Ine ndinatembenuza cha agogo ena, chipsera cha pamphumi chinasamukira mbali ina. Mwana wawo wamkazi atangochiona anati awa si amayi anga. Malaya 40 ndinasindikizanso ndi ndalama zanga. Komanso mthunzi umasamuka, nkhope dzuwa kumanzere, suti dzuwa kumanja.

A Phiri: Palinso kuseka. Munthu akaseka masaya amakwera, maso amachepa, chibwano chimatsika mpaka kukhudza kolala. Mapewa a pa suti ndi a munthu woima mwaulemu, mutu wa phwete sungagwirizane nawo. Ine sindikanachotsa mutu wonse. Tengani maso okha a cha kumunda chotembenuzacho, Opacity 50%, ngodya za maso zigwere pa ngodya zinzake. Ngati diso lina lakhala, lina latuluka, chisiyeni, sichanu.

Chikondi: Kumundako anafinya maso ndi dzuwa.

Madalitso: Face-Aware Liquify ili ndi Eye Height. Ndanena kale ine.

A Phiri: Mukakoka chikope, makwinya a m'mbali amatsala, munthu amaoneka ngati wadzidzimuka. Paukwati sajambula kamodzi. Funsani amene anajambula tsikulo, kapena wa vidiyo, mutenge pamene anaphenya.

Mayi Nabanda: Wa vidiyo akhale kuti sanafufute. Kodi malaya oyera mukuwapeza pa zingati kumeneko? Kuno akwera.