Bando ikutha ndisanayambe n'komwe kusewera

Abale, ndithandizeni pa nkhani ya bando ndi magemu a pafoni. Ndimagula 1GB kuti ndizisewera gemu ya mpira ndi anzanga pa intaneti, ndipo masewero enieniwo sadya zambiri. Chimene chikundisautsa n'chakuti bandoyo imagwa ngakhale foni ili m'thumba.

Pa Android yanga ndinalowa mu Play Store, Settings, Network preferences, n'kuika Auto-update apps pa Don't auto-update apps. Data Saver nayo ndinayatsa. Koma ndikayang'ana pa App data usage, gemuyo ikuonetsa kuti yadya yokha mamegabaiti oposa 400. Ndikaitsegula imayamba kukoka mafayilo atsopano osandifunsa, ndipo zimenezi sizidzera mu Play Store ayi.

Funso langa lili apa: kodi ndikazimitsa Background data pa gemu imeneyi, zimaletsa kukoka kochitika foni ili m'thumba kokha, kapena zimakhudzanso kumene kumayamba ndikangotsegula gemuyo? Nanga pali amene anapeza njira yoti mafayilo akuluakuluwo azidikira Wi-Fi, koma ine n'kumasewerabe ndi bando yanga? Ndikuopa kuti gemuyo ingakane kulowa ngati sinakoke zatsopanozo. Amene munayesapo, mundiuze momwe zinakuyenderani.