Mapuloteni ambiri ndimadya madzulo, kodi ndikuwononga?

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni. Ndimalemera makilogalamu 70, ndimanyamula zitsulo katatu pa sabata. Pa tsiku ndimadya mapuloteni magalamu 110: kadzutsa 10, nkhomaliro 25, mgonero 75. Ndi bwino kuwagawa mofanana, kapena bola akukwana?

Mkono Wamanzere: Thupi limangolandira magalamu 30 pa chakudya chimodzi. Enawo amangopita kuchimbudzi. Gawani basi.

Kachetechete: A Mkono, kugawako mwanena zoona, koma chifukwa chake si chimenecho. Matumbo amayamwa pafupifupi mapuloteni onse, kungoti chakudya chikachuluka chimagayika nthawi yaitali. Chomwe chimafika pachimake ndi liwiro limene minofu imamangira, ndipo kwa munthu wachinyamata zimachitika pa magalamu 20 mpaka 40. Otsalawo amagwira ntchito m'ziwalo zina, ena amapsa ngati mphamvu, ena minofu imawatengabe pang'onopang'ono maola otsatira.

Achimwene ofunsa, 110 yanuyo ndi pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye chachikulu mwachikwanitsa kale. Pofooka ndi pa kadzutsa. Mwagona usiku wonse osadya, kenako magalamu 10, omwe ndi ochepa moti sadzutsa minofu mokwanira. Muyezo wabwino ndi 0.4 pa kilogalamu pa chakudya chimodzi, kwa inu magalamu 28.

Musawonjezere, ingosunthani. M'mawa onjezani mazira awiri ndi kapu ya mkaka ya 250 ml. Dzira limodzi lili ndi 6, mkakawo 8, ndiye 20 kuphatikiza 10 ija, yakwana 30. Masana onjezani kapu ya nyemba zophika, pafupifupi 15, mufike 40. Madzulo mwatsala ndi 40.

Tsabola: Ine ndiye ndinasiyiratu kudya usiku, mimba imaphwa msanga.

Kachetechete: Imeneyo ndi nkhani yochepetsa thupi, funso lili pa minofu. Kudya mapuloteni usiku kulibe vuto.

Mlonda wa Sikelo: Chenjerani ndi kawerengedwe. Ambiri amayesa magalamu 100 a nyama ndi magalamu 100 a mapuloteni. Chidali cha nkhuku chophika cha magalamu 100 chili ndi pafupifupi 30, chosaphika chili ndi 22 kapena 23 chifukwa madzi adakali momwemo. 75 wa madzuloyo munamuyeza bwanji? Mwina simukufika n'komwe 110.

Komanso ine sindikuona kuti kugawa kumasintha zambiri mwa wachinyamata amene akukwanitsa kale mlingo wa tsiku. Kumene kumafunika kwambiri ndi kwa achikulire, poti minofu yawo siimva msanga chakudya chikachepa.

Kachetechete: Kusiyanako n'kochepa, sindikukana. Koma pano n'kungosuntha chabe, sawononga chilichonse. Okhawo odwala impso asatengere manambalawa, mlingo wawo auone ndi adokotala.

Wofunsa: Zikomo nonse. Nyamayo ndimayeza yosaphika koma n'kumawerengera ngati yophika. Ndiye ndiyambirenso masamu. Nanga tsiku losanyamula zitsulo, ndigawe chimodzimodzi?