Ndithandizeni kusandutsa sitafu iyi kukhala solifa

Wofunsa, Chinamwali

Akuluakulu a pagulu pano, kwaya yathu yalandira chithunzi cha kachidutswa ka nyimbo kolembedwa m'sitafu, pamene ife tinazolowera solifa. Wojambulayo anadula kumanzere, moti kilefu sikuoneka. Mizere isanu ija ndikuiwerenga kuchokera pansi.

Koyambirira kuli mafulati atatu: loyamba pa mzere wachitatu, lachiwiri mu mpata wapamwamba, lachitatu mu mpata wachiwiri. Kenako 3/4. Noti yoyamba ndi yakuda ya mwendo, ili yokha pa mzere wachitatu, ndipo bala yatha pomwepo. Bala yotsatira ili ndi yakuda pa mzere wachiwiri ndi kadontho kumanja kwake, yakuda ya kamchira mu mpata wachiwiri, ndi yakuda pa mzere wachitatu. Inayo ili ndi yoyera ya mwendo mu mpata wapamwamba, kenako kachizindikiro kokhotakhota ngati mphezi. Bala yachitatu mulibe noti, muli kanjerwa kakuda kolendewera pansi pa mzere wachinayi. Yomaliza ili ndi zakuda zitatu: mu mpata wachitatu, mu mpata wachiwiri ndi kabokosi ka timiyendo tiwiri patsogolo pake, ndi pa mzere wachitatu. Pa yomalizayo pachoka kauta, ndipo chithunzi chathera pomwepo.

Doo ali pati? Kadonthoko ndi kenikeni kapena ndi litsiro la pa pepala? Nanga kanjerwako tikhale chete mabiti angati?

Wa besi, Sadzi

Achemwali, mafulati atatu ndi kiyi ya E fulati basi. Kanjerwako ndi mpumulo wa semibirivu, ndiye werengani mabiti 4. Koma popanda kilefu musavutike nazo, noti yomweyo pa mzere wachitatu ndi B kwa inu, kwa ife abesi ndi D.

Mphunzitsi wa nyimbo, Matawale

Achimwene anena zoona kuti kilefu imasintha mayina a manoti, koma pano mafulatiwo atiuza kale kilefu yake. Fulati loyamba nthawi zonse limakhala B, lachiwiri E, lachitatu A. Mu kilefu ya tirebo, B ali pa mzere wachitatu. Mu ya besi, fulati loyambalo likanakhala pa mzere wachiwiri, lachiwiri mu mpata wachitatu, lachitatu mu mpata woyamba. Zomwe mwafotokoza inu mayi ndi za tirebo.

Doo mumupeze chonchi. Fulati lomaliza kumanja ndiye faa. Lanu lili mu mpata wachiwiri. Tsikani sitepe imodziimodzi, mzere kenako mpata: mzere wachiwiri ndi mii, mpata woyamba ndi ree, mzere woyamba ndi doo. Mukwere tsopano kuchokera pa faa: mzere wachitatu ndi soo, mpata wachitatu laa, mzere wachinayi tii, mpata wapamwamba doo wapamwamba. Onani kuti doo wapamwambayo wagwera pomwe pali fulati lachiwiri. Si mwangozi: fulati lotsatana ndi lomaliza limakhala pa doo nthawi zonse, ndiye muli ndi njira ziwiri zotsimikizira. Mukawapeza chonchi, mafulatiwo musawaganizirenso poimba. Solifa wawameza kale.

Pa mpumulo ndiye ndikutsutsani achimwene. Kanjerwa kolendewera kakakhala kokha pakati pa bala, kamatanthauza kuti bala yonse mukhale chete, kaya bala yake ndi yotalika bwanji. Mu 3/4 bala ili ndi mabiti 3, ndiye ndi 3. Masopulano akawerenga 4 adzalowa mochedwa ndi biti imodzi, ndipo mudzamva laa wawo akugwera pa biti yachiwiri ya anzawo. Ndipo chete wakeyo akuyambira mu bala yam'mbuyo. Yoyera ya mwendo ndi minimu, mabiti 2, kamphezi kaja ndi mpumulo wa korocheti, biti imodzi. Onse pamodzi ndi mabiti 4 a chete, imodzi kuno, atatu uko. Choncho 4 wanu uja alipo, koma wachokera kwina.

Wofunsa

Zikomo bambo. Nanga kanjerwako kakanakhala pamwamba pa mzere?

Mphunzitsi wa nyimbo, Matawale

Kokhala pamwamba pa mzere wachitatu ndi mpumulo wa minimu, mabiti 2. Tiwiriti timakhala mu mpata umodzi womwewo, wachitatu, ndipo pa chithunzi chosaoneka bwino timafanana. Kulitsani chithunzicho muone mzere umene kakhudza. Chikakana, yang'anani bala: muli kanjerwa kokha, ndiye sikangakhale ka mabiti 2, pakanasowa biti imodzi.

Kadontho nakonso bala ndiyo ikuweruzeni. Yakuda ya mwendo ndi korocheti, biti imodzi. Ya kamchira ndi kweva, theka. Popanda kadontho bala ija ili ndi imodzi, theka, imodzi, zomwe ndi mabiti awiri ndi theka, yaperewera. Kadontho kamawonjezera theka la noti yake, ndiye korochetiyo ikhala biti imodzi ndi theka ndipo bala ikwana 3. Ndi kenikeni. Pa noti ya pa mzere kadonthoko kamalembedwa kumanja, kokwera pang'ono mu mpata. Kakakhala pansi kapena pamwamba penipeni pa mutu wa noti ndi nkhani ina, kakuti muidule notiyo, osati muitalikitse.

Noti yokhala yokha koyambirira ija si cholakwika. Nyimbo ikuyambira pa biti yachitatu, woimbitsa awerenge 1, 2, inu mulowe pa 3. Zonse pamodzi:

```
:s | m :- .f :s | d' :- : | : : | l :fe :s |
```

Powaphunzitsa bala ya kadontho, aombe m'manja akunena "1 ndi 2 ndi 3 ndi". Mii agwire mpaka adutse 2, faa alowe pa "ndi" wotsatira, soo pa 3. Akangolowetsa faa pa 2 penipeni, kadontho kafa.

Wa kiyibodi, Mpondabwino

Musavutike mayi. Wa kiyibodi wanu aimbe mu C, adine `TRANSPOSE` afike pa `+3`, mwafika mu E fulati.

Woimbitsa kwaya, Domasi

Achimwene, masamu anuwo ndi olondola koma mayiwa sanafunse za kiyibodi. Ine ndigwire pa fe, chifukwa bambo a ku Matawale angomulemba osafotokoza. Kabokosi ka timiyendo tiwiri kaja ndi natcholo, kakufafaniza fulati. Mpata wachiwiri unali A fulati, faa. Tsopano ndi A wamba, wakwera theka la sitepe, ndiye fe. Kuchoka pa fe kupita pa soo pazimveka pafupi ngati kuchoka pa tii kupita pa doo. Mphamvu yake imathera pa mzere wa bala, bala yotsatira noti ya mu mpata womwewo ibwerera kukhala faa, pokhapokha atakalembanso.

Komanso mafulati atatu si E fulati yokha ayi, C maina nayo ili ndi atatu omwewo. Kwa a solifa sizisintha kanthu pa mayina, doo akhalabe pa mzere woyamba, kungoti nyimbo ikathera pa laa. Mu maina ndikanayembekeza kuona natcholo pa mzere wachitatu, soo kukhala se. Pano palibe, ndiye ine ndikuti ndi meja.

Mphunzitsi wa nyimbo, Matawale

Mabala anayi ndi ochepa kuti tilumbire, mayi, koma nanenso ndikutsamira komweko. Noti yomaliza ya nyimbo yonse, makamaka ya besi, ndiyo ingatsimikize.

Chomwe sindingakuyankheni ndi kauta kaja. Kakakagwera pa noti ya pa mzere wachitatu womwewo, ndiye kuti soo mumugwire osamutchulanso, mabiti a ziwirizo aphatikizane. Kakakagwera pa noti ina, kapena kakadumpha zingapo, kakutanthauza kuti muziimbe molumikiza, kawirikawiri pa silabo imodzi. Kumayambiriro kwake timauta tiwiriti sitisiyana.

Wa besi, Sadzi

Mwandigwira pa mpumulo paja. Koma mukutsimikiza kuti ndi ya masopulano? Atena nawonso amawalembera mu tirebo, ndi ka 8 kakang'ono pansi pa kilefu, ndipo amaimba okitevu imodzi pansi. Mbali imeneyo ndi yomwe yadulidwa.

Wofunsa

Amene anatumiza anangoti ndi yathu. Ndawapempha ajambulenso tsamba lonse, pepala aligoneke pa tebulo pafupi ndi zenera, kilefu ndi mzere wotsatira zioneke. Podikira ndiyamba nawo mabala atatu oyambawo.