Kabuku ka nyimbo ka masamba 10 kakukana kupindika bwino

Mlembi wa mpingo, Chitakale: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndataipa nyimbo za msonkhano wa chitsitsimutso ndipo zakwana masamba 10 pamodzi ndi chikuto. Tikufuna kabuku ka mapepala a A4 opinda pakati, koma nditaika tsamba 1 pambali pa tsamba 2, chikuto chapita kumbuyo ndipo nyimbo zasokonekera.

Mayi a fotokope, Luchenza: Bambo, masamba sakhala motsatana ayi. Loyamba limayenda ndi lomaliza, ndiye ikani 10 ndi 1, kuseri kwake 2 ndi 9, mpaka mukafike pakati.

Wosindikiza mabuku, Thyolo Boma: Mayi anena zoona, koma pa masamba 10 njirayo isiya pepala lapakati lolembedwa mbali imodzi yokha, chifukwa pepala lililonse likapindidwa limanyamula masamba anayi. Chiwerengero chiyenera kukhala 8, 12 kapena 16, choncho inu muwerengere 12, omwe ndi mapepala atatu. Pepala lakunja likhale ndi 12 kumanzere ndi 1 kumanja, kuseri kwake 2 ndi 11. Lachiwiri likhale ndi 10 ndi 3, kuseri 4 ndi 9, ndipo lapakati 8 ndi 5, kuseri 6 ndi 7. Manambala awiri oyandikana mukawaphatikiza azikwana 13, ndipo akapanda kutero dziwani kuti penapake palakwika. Musanawononge inki, pindani mapepala atatu otha ntchito, mulembe manambala ndi bolopeni, kenako muwatambasule muone.

Mkulu wa kwaya, Limbuli: Kwa ine chachikulu n'chakuti nyimbo isaduke. Chaka chatha kolasi inagwera kuseri kwa tsamba, ndipo mpingo wonse unali kalikiliki kutembenuza mapepala pamene kwaya inali itapitirira kale.

Wosindikiza mabuku, Thyolo Boma: Akulu, masamba awiri otsalawo ndi amene angathetse vuto lanulo. Mukasiya tsamba 2 lopanda kanthu, nyimbo imene inali pa 3 ndi 4 imasunthira pa 4 ndi 5, omwe amayang'anizana kabuku kakatsegulidwa. Bambo mlembi, ngati muli pa Word, sankhani `Book fold` pa `Multiple pages`, koma masambawo muwasiye motsatana, pakuti mukawasanja nokha kompyuta idzawasanjanso kachiwiri. Posindikiza mbali zonse musankhe `Flip pages on short edge`, apo ayi kuseri kutuluka kozondoka.

Mayi a fotokope, Luchenza: Makina anga salemba mbali zonse okha, choncho ndimalemba kamtanda pa ngodya ya pepala limodzi kuti ndione mmene ndilibwezere. Komabe bwanji osachepetsa zilembo kuti zonse zikwane pa masamba 8? Pa makope 200 mupulumutsa mapepala 200.

Mlembi wa mpingo, Chitakale: Zikomo nonse, chitsanzo cha masamba 12 chatuluka bwino. Za masamba 8 ndikafunsa kaye akulu ampingo mawa, chifukwa agogo ambiri amavutika kale kuwerenga zilembo zing'onozing'ono.