Suti ya mkulu wake, thupi la mng'ono: ndiilandire kapena ndiibweze?

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kasitomala wandibweretsera suti imene anapatsidwa ndi mkulu wake, akufuna ndiichepetse kuti imukwane. Nsalu ndi yabwino, yabuluu wodera, yopanda mizere. Ndamuveka, ndamuyeza, ndipo zili chonchi: mapewa a jekete akupitirira phewa lake ndi kota zitatu za inchi mbali iliyonse. Manja atalika ndi inchi ndi theka, ndipo mabowo a mabatani a kumanjako ndi otsegukadi, si okongoletsera chabe. M'chiuno jekete ikukhwepa. Thalauza ndi 36 pomwe iye ndi 32. Mathalauza ndimachepetsa tsiku ndi tsiku, koma jekete ya layining'i sindinaiphwasulepo m'mapewa. Ndamuuza kuti ndimuyankha mawa.

Yohane: Palibe chovuta apa achimwene. Tsegulani msoko wapakati pamsana, muchotse inchi ndi theka kuyambira pansi mpaka kukhosi. Mapewa abwerera okha, chiuno chilowanso nthawi yomweyo. Thalauza nayo chimodzimodzi, msoko wakumbuyo. Ntchito ya tsiku limodzi.

Bambo Gama: A Yohane, za m'chiuno mwanena zoona, msoko wapamsana umathandiza. Koma mukaufikitsa kukhosi mwalowa m'mavuto. Kolala inadulidwa molingana ndi khosi la jeketeyo. Mukachotsa inchi ndi theka pamsana, khosi lachepa koma kolala ikadali momwe inalili, ndiye muyenera kuichotsa ndi kuifupikitsa nayonso. Ndipo mwangokoka kumbuyo kokha. Kutsogolo phewa likadali lalikulu, msoko wa paphewa upotokera kumbuyo, kasitomala azioneka ngati wina akumukoka jekete.

A Chisomo, musanagwire sizasi mumuvekenso. Avale shati imene azivalira sutiyo, amange batani la pamwamba ngati jekete ili ya mabatani awiri, manja agwe okha m'mbali. Makasitomala akaima pagalasi amatukumula chifuwa ngati asilikali, ndiye muyambe mwamuchezetsa mpaka aiwale kuti mukumuyeza. Kenaka aime chammbali pafupi ndi khoma, asendere pang'onopang'ono. Ngati padi ya paphewa yagunda khoma ndi kupindika mkono wake usanafike, phewa lakuladi. Muonenso pansi pa msoko umene walumikiza dzanja ndi phewa: pakakhala kadzenje, nsalu yalowa m'kati chifukwa mulibe mkono woitukula.

Koma chimene ndikufuna kumva kwambiri ndi pachifuwa. Simunatchulepo.

Chisomo: Pachifuwa sindinayang'anitsitse bambo. Ndikukumbuka kuti atamanga batani, chibakera changa chinalowa bwinobwino pansi pa kolala yakutsogolo. Kukhosi kolala ikugona pashati, palibe mpata.

Bambo Gama: Kolala yogona ndi nkhani yabwino, chifukwa kolala yothawa khosi ndi imodzi mwa ntchito zowawa kwambiri. Chibakeracho ndiye chikundidetsa nkhawa. Pamenepo payenera kulowa chikhatho chotambasula, osati chibakera. Kutsogolo kwa jekete kuli nsalu yolimbitsa m'kati, kuli thumba la pachifuwa, kuli matumba a m'mbali amene anaboola kale nsalu. Zimenezo sizisuntha. Mukhoza kuchotsa m'misoko ya m'mbali ndi yapamsana, mainchesi awiri kuzungulira thupi lonse osavuta, ndipo chiuno chioneka bwino. Koma ngati nsalu yochuluka ili pachifuwa penipeni, pakati pa kolala ndi mkhwapa, mudzaona makwinya oimirira amene simbi singawachotse.

Ine makwinya ndimawawerenga motere. Opingasa, nsalu ikukokedwa, malowo athina. Oimirira, nsalu yachuluka. Opendekera ndiwo ofuna kuganiza, chifukwa kawirikawiri amanena za kaimidwe ka munthu, mwina phewa limodzi ndi lotsika, mwina ndi wowerama.

Mada: Nanenso ndili nayo jekete yovuta. Mwini wake akamanga batani pakutuluka makwinya anayi kuchokera pabatani, ngati mtanda wopendekera. Ndichepetse pati kuti athe?

Mayi Nachisale: Mada mwanawe, imeneyo si yochepetsa, yathina. Ukachotsanso nsalu batani lidzathothoka. Masula layining'i pansi, uone nsalu imene anasiya m'misoko. Ukapeza yokwanira ukhoza kukulitsa mwina inchi imodzi kuzungulira, koma uyambe wamasula kachigawo kakang'ono n'kusita ndi nthunzi, uone ngati mzere wa msoko wakale ukufufutika. Nsalu ina imasunga mabowo a singano, ndipo ngati jekete yawaulidwa ndi dzuwa, mbali imene inali m'kati imatuluka yakuda kuposa inzake. Ngati kuthinako n'kochepa, kusuntha batani kota ya inchi kumathandiza. Kupitirira apo jekete imapotoka.

Tsopano thalauza ya Chisomo, poti abambo akangana za jekete. Mainchesi anayi onse pamsoko wakumbuyo, ayi. Ndinachitapo ndili wamng'ono pantchito, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira momwe bambo uja anatembenukira pagalasi. Matumba akumbuyo anayandikana mpaka kutsala pang'ono kukumana, misoko ya m'mbali inathawira kumbuyo, matumba a m'mbali anayasama. Tepi inkanena kuti chiuno chakwana, koma thalauza inali itawonongeka.

Msoko wakumbuyo umalola mainchesi awiri, kutanthauza inchi imodzi mbali iliyonse ya msoko, ndipo uzitsika nawo mochepetsa pang'onopang'ono mpaka utalowa m'msoko wakale pokhota paja. Awiri otsalawo ayenera kuchokera m'mbali, inchi kumanja inchi kumanzere. Pamenepo lamba yense wa thalauza achoke, timalupu tichoke, ndipo popeza thumba la m'mbali latsamira pamsokowo, nsalu yambiri uichotse ku chigawo chakumbuyo. Ukatero ubwezere lamba utamufupikitsa, timalupu utigawe bwino. Si kuchepetsanso kumeneko, ndi kusoka thalauza kachiwiri, ndipo kasitomala adziwe zimenezo usanayambe.

Chinanso, umuuze akweze thalauza pamene amamangira lamba, ugwire chiuno ndi mapini, uone pamphechepeche. Thalauza ya 36 inadulidwira munthu wamkulu, ndiye kuchokera palamba kufika pamphechepeche ndi patali. Pakalendewera, ukhoza kuchotsa pang'ono pamwamba pa msoko wam'kati mwa ntchafu, ku chigawo chakumbuyo. Zikapitirira inchi, ine ndimakana, chifukwa njira yotsala ndi kutsitsa lamba, kufupikitsa zipi ndi kuchepetsa kukamwa kwa matumba.

Yohane: Chabwino, za kukhosi ndavomera. Koma manja musavutike nawo. Dulani kunsi, pindani, bwezerani mabatani.

Chisomo: Ndi pomwe ndaima achimwene. Bowo loyamba lili inchi ndi kota kuchokera kumapeto kwa dzanja. Ndikadula inchi ndi theka ndapitirira bowolo ndi kota ya inchi.

Bambo Gama: Mwaona bwino. Mabatani akakhala ongokongoletsera, njira ya a Yohane ndi yolondola. Mabowo akakhala obooledwa, kunsi mungachotse mwina theka la inchi, kupitirira apo batani likhala m'mphepete ngati likufuna kugwa. Njira yeniyeni ndi kufupikitsira kuphewa: kuchotsa dzanja lonse, kujambulanso mutu wake motsitsa, kudula, n'kulibwezera. Mwayi wanu ndi woti nsalu ilibe mizere yopingasa kapena mabokosi, chifukwa zikanakhalapo sizikanakumananso ndi za pachifuwa.

Ndipo apa pali chinthu chimene ambiri amachiphonya. Dzanja limapachikika paphewa. Mukalowetsa phewa theka la inchi, dzanja limakwera nalo pafupifupi theka la inchi. Ndiye musadule inchi ndi theka yonse. Yambani phewa, lumikizani dzanja ndi ulusi wapamanja, mumuveke, kenaka muyeze chotsala. Dzanja la jekete lithere pamfundo ya dzanja la kasitomala, shati ioneke pafupifupi theka la inchi.

Paphewa penipenipo ine sindipitirira theka la inchi. Mukadula kwambiri, bowo lolowera dzanja limakula ndi kusintha maonekedwe, pomwe mutu wa dzanja umene mwautsitsa wachepa, poti dzanja limaning'a likamatsika. Ziwirizi zikasiyana mudzakoka nsalu kuti zikumane, ndipo kukokako kudzaonekera kunja. Pang'ono mumabweza pochotsa nsalu m'msoko wa pansi pa mkhwapa. Padi nayo muidule, ndipo musanachotse dzanja muike zizindikiro za ulusi pamwamba, kutsogolo ndi kumbuyo. Dzanja likabwerera litazungulira ngakhale pang'ono, makwinya opendekera amatsika mkono wonse.

Mayi Nachisale: Zonsezo ndi zoona bambo, koma mukumuuza mwana amene sanachotsepo dzanja la jekete kuti aphunzirire pa suti ya mwini. Nsalu yodulidwa sibwerera. Ine ndikanati alandire thalauza ngati pamphechepeche pali bwino, jekete aichepetse m'chiuno mokha, za mapewa amuuze kasitomala mosabisa kuti jeketeyi inasokedwera thupi lina.

Bambo Gama: Sindikutsutsa mayi, koma nanga adzaphunzira liti? Tonse tinali ndi jekete yathu yoyamba. Apeze jekete yakutha, achotse dzanja, alibwezere kawiri katatu. Akaona kuti likugona, alandire ntchitoyo.

Mayi Nachisale: Jekete yakutha ilibe mwini woti adzabwere Lachisanu.

Chisomo: Zikomo nonse. Wabweranso m'mawa uno ndipo ndamuveka monga munanenera. Atamasuka thupi, phewa lakumanja latsika kuposa lakumanzere, ndipo pali khwinya lopendekera kuchokera kumkhwapa wakumanja kumbuyo, limene dzulo sindinalione. Nditagwira mapini m'mbali ndi pamsana, mainchesi awiri, chibakera sichikulowanso, ngakhale khwinya loimirira latsala pang'ono pafupi ndi mkhwapa kutsogolo. Thalauza pamphechepeche ikulendewera theka la inchi basi, ndiye ndailandira, ndichita mmene mwanenera mayi. Za mapewa ndamuuza zoona, kuti sindinachitepo ndipo ndikufuna sabata yoyeserera. Wati adikira thalauza kaye aone.

Funso langa tsopano ndi phewa lotsikalo. Ndiwonjezere padi mbali imeneyo, kapena ndichotse nsalu pamsoko wa paphewa?

Bambo Gama: Yambani ndi padi, chifukwa ikakanika mumangoichotsa. Lowetsani kansalu kopinda, kokhuthala kota ya inchi, pansi pa jekete paphewa lakumanja iye atavala, muone ngati khwinyalo latha. Dzanja la mbali imeneyo likwera pang'ono, ndiye manja awiriwo muwayeze lililonse palokha.